Masabata anayi okonzekera mayeso a nyuroanatomi ndi nyurofiziyoloji: mutsate njira iti?

Masiku 28 amaoneka ambiri mukawayang'ana pa kalendala. Chotsanipo tsiku limodzi sabata iliyonse lopuma, kuchapa ndi kupita kukapemphera, atsala 24. Munthu amene akuwerenga maganizo ali pa buku, osati pa foni, amakwanitsa maola pafupifupi asanu patsiku, ndiye kuti muli ndi maola 120, ndipo ngati pali maphunziro ena olemba nyengo yomweyo, maolawo achepa kuposa pamenepa. M'maola amenewa muyenera kulowetsamo sipayino kodi, tsinde la ubongo, minyewa 12 ya m'mutu, serebelamu, bezo gangiliya, maso ndi makutu, mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, komanso fiziyoloji yonse kuyambira pa selo limodzi mpaka nkhani ya tulo. Zonsezi sizingalowe mofanana, ndipo njira imene musankhe lero ndi imene idzasankhe zotsala m'mutu mwanu tsiku lolowa m'chipinda cha mayeso.

Njira zimene ophunzira ambiri amatsata zilipo zinayi: yoyamba ndi kugawa mwezi pakati, anatomi kaye kenako fiziyoloji; yachiwiri ndi kutsata thirakiti imodzi kuyambira pomwe yayambira mpaka pomwe yathera, anatomi ndi fiziyoloji yake pamodzi; yachitatu ndi kuyambira pa mapepala a mayeso akale; yachinayi ndi kudalira makadi oloweza. Ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndili ku mbali ya njira yachiwiri. Koma zinazo zili ndi malo ake, ndipo pali ophunzira ena amene njira yoyamba imawayenera kuposa yanga.

Kugawa mwezi pakati

Iyi ndi njira imene imabwera yokha. Mabuku ndi awiri, masilayidi ali m'mafoda awiri, aphunzitsi anali a madipatimenti awiri, ndiye munthu amangoti masabata awiri anatomi, masabata awiri fiziyoloji. Ubwino wake ndi woti simutaya nthawi kukonza ndondomeko. Mumatsegula buku, n'kumatsata mitu mmene inalembedwera, ndipo madzulo aliwonse mumaona ndi maso kuti masamba mwawachepetsa. Kwa munthu amene mtima uli m'mwamba, zimenezi zimakhazika mtima pansi.

Vuto lake lili pa kuiwala. Ngati zithunzi zodula tsinde la ubongo mwaziwerenga tsiku lachisanu ndi chimodzi, mudzakumana nazonso patatha masiku oposa 20, ndipo mudzakumana nazo pa pepala la mayeso. M'ndondomeko imeneyi mulibe sabata yobwereza, chifukwa mwezi wonse watha ndi kuwerenga koyamba. Komanso njirayi imakankhira munthu pa kungowerenga mobwerezabwereza, kumene kumanyenga kwambiri. Mu 2006, Roediger ndi Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anawerenga ndime kangapo anakumbukira bwino atafunsidwa patangopita mphindi zisanu, koma patatha sabata imodzi anaposedwa ndi anzawo amene anawerenga kamodzi n'kuthera nthawi yotsalayo akudziyesa kukumbukira. Mayeso anu sali patatha mphindi zisanu.

Mungadziwe bwanji kuti njirayi yakunyengani? Tsekani buku, tengani pepala loyera, mujambule medula yodulidwa pakati n'kuikamo mapiramidi, mediyo leminisikasi ndi thirakiti ya ululu. Ngati chithunzicho mumachizindikira mukachiona m'buku koma dzanja likukana kuchijambula, ndiye kuti mwangozolowerana nacho, simunachigwire.

Amene njirayi imawayenera ndi awo amene mapepala awo awiri ndi osiyana kotheratu, wina wa anatomi yekha wina wa fiziyoloji yekha, ndipo pali masiku angapo pakati. Imayeneranso amene anaphonya makalasi ambiri, mwina chifukwa cha matenda kapena maliro, moti sanaonepo zinthuzi n'kamodzi komwe. Munthu sangalumikize zinthu zimene sanazidziwe mayina. Koma ngakhale iwowo, kuwerenga koyambako akupanikize m'masiku 18, kuti sabata yomaliza itsale ya mafunso.

Kutsata thirakiti

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pali malikisi ambiri.

M'malo mowerenga "sipayino kodi" lero, "medula" mawa, "thalamasi" mkuja, mumatenga uthenga umodzi n'kuyenda nawo ulendo wonse. Mathirakiti aakulu ndi atatu, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chimawolokera mbali inayo ya thupi pa malo akeake. Zili ngati misewu itatu imene imawoloka mtsinje umodzi pa milatho yosiyana: msewu ukaduka, kuti mudziwe mudzi umene wasowa katundu, muyenera kudziwa ngati wadukira kuno kapena kutsidya kwa mlatho. Mafunso ambiri a nyuroanatomi, ngakhale atavala mawu otani, amafunsa chinthu chimenechi.

Thirakiti yoyamba ndi ya kotikosipayino, yonyamula lamulo loyendetsa minofu. Imayambira pa kotekisi kutsogolo kwa sentirolo salikasi, imatsika kudzera mu intanolo kapisulo, midibuleni ndi ponsi, ndipo ikafika kumunsi kwa medula, ulusi wake pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100 ulionse umawolokera mbali inayo. Kuchokera pamenepo imatsika m'mbali mwa sipayino kodi mpaka kukapeza nyuroni ya mu anteriya honi, imene imatuluka kupita ku mnofu. Yachiwiri ndi ya dozo kolamu, yonyamula kunjenjemera, kukhudza kosalala ndi kudziwa pomwe chala chili maso ali chitsekere. Iyi imalowa mu sipayino kodi n'kukwera mbali yomweyo osawoloka, mpaka kukafika mu medula. Kumeneko ndi kumene imawoloka, n'kupitirira ngati mediyo leminisikasi kupita ku thalamasi. Yachitatu ndi ya sipayinothalamiki, ya ululu, kutentha ndi kuzizira. Iyi siichedwa: ikangolowa imakwera segimenti imodzi kapena awiri, n'kuwoloka mu sipayino kodi momwemo.

Tsopano tiike munthu patsogolo pathu, monga mmene funso la mayeso lingamuikire. Mnyamata wabayidwa ndi mpeni kumsana, ndipo theka la kumanja la sipayino kodi laduka pa segimenti ya T10. Musathamangire kukumbukira dzina la matendawo. Tengani pepala, mujambule mizere itatu ija, muidule kumanja pa T10, kenako mufunse mzere uliwonse kuti, "Iwe pano wawoloka kale kapena ayi?" Wa kotikosipayino unawoloka kale kumtunda ku medula, ndiye umene ukudutsa kumanja ukupita ku mwendo wa kumanja: mwendo wa kumanja wafooka. Wa dozo kolamu sunawoloke, ukadali pa ulendo wopita ku medula, ndiye umene uli kumanja wachokera ku mwendo wa kumanja: mukagwedeza chala chachikulu cha phazi la kumanja, mnyamatayo sadziwa ngati mwachikweza kapena mwachitsitsa. Wa ululu unawoloka kale mmunsi, ndiye umene uli kumanja wachokera ku mwendo wa kumanzere: mukamubaya ndi kasingano kumanzere samva, kuyambira segimenti imodzi kapena awiri pansi pa T10. Popeza T10 ndi pa mchombo, kusamvako kumayambira pang'ono kunsi kwa mchombo. Mwafika nokha pa matenda a Brown-Séquard osaloweza chilichonse kupatula milatho itatu.

Fiziyoloji imalowa pomwepa, tsiku lomwelo, pepala lomwelo. Chifukwa chiyani mwendo wofookawo, pakapita masabata, umakhala wolimba ndipo bondo limadumpha kwambiri mukaligogoda? Chifukwa rifulekisi ya bondo imayenda pa L3 ndi L4, pansi pa bala, ndipo njira yake yonse ili bwinobwino: sipindo ya mu mnofu imamva kukokedwa, uthenga umalowa mu sipayino kodi, n'kudutsa sinapusi imodzi yokha kubwerera ku mnofu. Chimene chasowa ndi ulamuliro wochokera kumtunda umene umaibweza kuti isapitirire muyezo. Ndiye mumapeza minofu yolimba, marifulekisi okwera, ndi chala chachikulu chodzuka mukakanda kunsi kwa phazi, chizindikiro cha Babinski. Apa pali msampha umene aphunzitsi amaukonda: masiku oyambirira bala litangochitika, mwendo umakhala wolobodoka ndipo marifulekisi amazimiririka, chifukwa cha sipayino shoko. Amene analoweza kuti "nyuroni ya kumtunda ikawonongeka marifulekisi amakwera" amagwa pa funso lotere, pomwe amene anaphunzira ndi nthawi yake amalidutsa.

Kuti kusiyana kwa nyuroni ya kumtunda ndi ya kumunsi kukhazikike, kumangirireni pa matenda amene ndi a kwathu kuno. Poliyo, amene anapezekanso mwa mwana ku Lilongwe ndi kulengezedwa mu 2022, amawononga maselo a mu anteriya honi, ndiye mwendo umalobodoka, mnofu umafota, rifulekisi imasowa. Konzo, amene anavuta ku Nampula m'dziko la Mozambique mu 1981 chifukwa cha chinangwa chowawa chosasukuluka bwino, amagwira nyuroni ya kumtunda, ndiye miyendo yonse iwiri imalimba ndipo marifulekisi amakwera. Onse awiri akulephera kuyenda, koma mukawagwira mwendo mumamva zinthu ziwiri zosiyana.

Ngakhale liwiro la minyewa, limene ambiri amaliloweza ngati manambala ouma, limakhala ndi tanthauzo mukaliphunzira pa thirakiti ya ululu. Mukapunthwa chala pa mwala, mumamva kaye kulasa kwakuthwa, kenako patapita kamphindi kumabwera kuwawa kofukuta. Koyambako kwabwera ndi ulusi wokutidwa ndi mayelini, kwachiwiriko ndi ulusi wa C wopanda mayelini, umene umayenda mita imodzi kapena awiri pa sekondi. Ulusi waukulu kwambiri wa mayelini umafika mamita 120 pa sekondi. Mukamva kusiyanako m'phazi lanu, nkhani ya uthenga wodumpha kuchoka pa nodi ina ya Ranvier kupita pa ina simuiiwalanso.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa. Masiku atatu oyambirira imachedwa kwambiri. Mumatsegula mabuku awiri nthawi imodzi, mumafufuta zojambula, ndipo mnzanu wa njira yoyamba amakhala atamaliza mitu isanu inu mukadali pa mizere itatu. Chachiwiri, pali mitu imene siikwera thirakiti iliyonse: mameninjesi, madzi a mu ubongo, mabowo a chigaza, kukula kwa ubongo mwa mwana wosabadwa, tulo ndi EEG. Mukapanda kuilemba pambali n'kuipatsa tsiku, mumafika pa mayeso musanaione. Chachitatu, njirayi imafuna kuti mukhale mutaonapo kale zinthuzi m'kalasi.

Kuyambira pa mapepala akale

Pafupifupi kalasi iliyonse ili ndi foda ya mapepala a zaka zapitazo imene imayenda pa mafoni. Ena amaiyesa ndondomeko yonse: kuyankha funso, kuona yankho, kupita pa lina. Ubwino wake ndi waukulu ndithu. Mumadziwa kafunsidwe ka aphunzitsi anu, mumaona mitu imene imabwera chaka ndi chaka, ndipo kuyankha funso ndi kudziyesa kwenikweni kuja kumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu.

Koma nyuroanatomi imalanga munthu woloweza mayankho kuposa maphunziro ena, chifukwa mphunzitsi amangosintha mawu amodzi funso lonse n'kutembenuka. Chaka chatha bala linali kumanja, chaka chino lili kumanzere. Chaka chatha nkhope yonse ya mbali imodzi inagwa, mphumi yomwe, ndipo yankho linali mnyewa wachisanu ndi chiwiri weniweniwo. Chaka chino wodwala akutha kukwinya mphumi, ndipo yankho lasamukira kumtunda, mbali inayo ya ubongo, chifukwa minofu ya pamphumi imalandira lamulo kuchokera ku mbali zonse ziwiri za kotekisi. Chinanso n'chakuti mayankho amene amayenda ndi mapepalawa kawirikawiri analembedwa ndi ophunzira anzanu, ndipo cholakwa chimodzi chimatha kudutsa makalasi angapo osagwidwa. Yankho lililonse lokhudza mbali, kumanja kapena kumanzere, litsimikizeni ndi chojambula chanu kapena ndi buku.

Ndiye mapepalawa agwiritseni ntchito kawiri. Tsiku loyamba lenileni, musanawerenge kanthu, tengani mapepala atatu kapena anayi, osati kuti muyankhe, koma kuti mulembe mutu wa funso lililonse ndi kuwerenga kuti mutu uti wabwera kangati. Maola awiri amenewo ndi amene akuuzeni pomwe muike masiku anu. Kenako sungani mapepala ena awiri osawatsegula mpaka sabata yachinayi. Munthu yekha amene ndingamulole kupanga njirayi kukhala msana wa ndondomeko yake ndi amene anawerenga mokhulupirika semesita yonse, kapena amene watsala ndi masiku osakwana khumi.

Makadi

Makadi, kaya a pepala kaya a pa Anki, ndi abwino pa zinthu zimene zilibe nkhani yozilumikiza. Mnyewa uti umatuluka pa bowo liti la chigaza. Kuti T4 ndi pa mawere ndipo T10 pa mchombo. Kuti sipayino kodi ya munthu wamkulu imathera pa L1 kapena L2, n'chifukwa chake singano yotengera madzi a mumsana imalowa pakati pa L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5. Kuti madzi amenewa amakhalapo pafupifupi mamililita 150 nthawi imodzi, koma amapangidwa pafupifupi 500 patsiku. Zoterezi zimafuna kukumana nazo kangapo masiku atatalikirana, ndipo makadi amachita zimenezo bwino, ngakhale muli mu minibasi kapena magetsi atazima.

Masamu ake ndi amene amagwetsa anthu. Anki mukangoiika imakupatsani makadi atsopano 20 patsiku. Pa masiku 21 amenewo ndi makadi 420. Mukatenga mulu wa makadi zikwi ziwiri umene wina anakonzera mayeso a dziko lina, muyenera kutsegula pafupifupi 100 patsiku, ndipo pofika sabata yachiwiri makadi obwereza okha amadya m'mawa wonse. Komanso khadi limafunsa chinthu chimodzi, pomwe funso la wodwala limafuna kuti mugwirizanitse zinthu zisanu. Pangani anu, osapitirira 300, ochokera pa zimene mwalakwa, ndipo musawapatse nthawi yoposa mphindi 30 patsiku.

Za gulu ndinene mwachidule. Anthu atatu kapena anayi, kawiri pa sabata, aliyense abwere ndi wodwala wongopeka, anzake apeze pomwe pawonongeka. Gulu limene limakumana kuti mmodzi aziwerenga masilayidi mokweza enawo akumvetsera likukudyerani maola.

Mmene ndingagawire masiku 24

Sabata yoyamba ikhale ya selo ndi sipayino kodi. Masiku awiri oyamba apatseni fiziyoloji ya selo, chifukwa iyi ndi gawo lokhalo limene liyenera kuphunziridwa palokha zina zonse zisanayambe. Musaloweze kuti nyuroni ikamapuma ili pa -70 mV n'kulekera pomwepo. Werengetsani nokha ndi fomula ya Nernst, pa kutentha kwa thupi:

```
E = (61/z) × log10([X]o/[X]i)
```

Potaziyamu akakhala 4 kunja ndi 140 mkati, yankho ndi pafupifupi -94 mV. Kwezani wa kunja afike 8, yankho libwera pafupifupi -76 mV. Mwaona ndi dzanja lanu chifukwa chake potaziyamu akachuluka m'magazi selo limasendera kufupi ndi malire ophulikira, amene ali cha pa -55 mV. Ndipo mukafunsidwa chifukwa chake selo limapuma pa -70 osati pa -94, mudzatha kunena kuti khungu la selo limadutsitsanso sodiyamu pang'ono, amene amalikokera m'mwamba. Kuchokera apo pitani pa akishoni potenshalo, sinapusi, ndi pomwe mnyewa umakumana ndi mnofu. Masiku anayi otsalawo ndi a mathirakiti atatu aja, marifulekisi, ndi kudula sipayino kodi m'njira zosiyanasiyana: theka, kutsogolo, pakati. Onjezanipo TB ya fupa la msana, imene imapanikiza sipayino kodi ndipo mudzakumana nayo m'mawodi.

Sabata yachiwiri yonse ipite ku tsinde la ubongo ndi minyewa ya m'mutu. Ambiri amaipatsa masiku awiri okha chifukwa imaopsa, koma ndi pomwe mafunso osiyanitsa ophunzira amachokera. Yambani ndi kagawidwe kosavuta: mnyewa wachitatu ndi wachinayi ku midibuleni, wachisanu mpaka wachisanu ndi chitatu cha ku ponsi, otsalawo cha ku medula. Kenako gwirani lamulo limodzi: tsinde la ubongo likawonongeka mbali imodzi, mnyewa wa m'mutu umaonetsa vuto mbali yomweyo, thupi limaonetsa mbali inayo. Mnyewawo ndi umene umakuuzani msinkhu. Diso la kumanja lagwa chikope, layang'ana pansi ndi kunja, ndipo mkono ndi mwendo wa kumanzere zafooka: mnyewa wachitatu, ndiye midibuleni ya kumanja. Wina samva ululu pankhope kumanja ndi m'thupi kumanzere, mawu asasa, akutsamwa, akudzandira, koma mphamvu za manja ndi miyendo zili bwino: m'mbali mwa medula kumanja, ndipo mphamvu zatsala chifukwa piramidi ili pakati, kutali ndi powonongekapo. Makutu, kuima mosagwa ndi kayendedwe ka maso muziphunzire m'sabata yomweyi, anatomi ndi fiziyoloji limodzi.

Sabata yachitatu ndi yodzaza, ndipo muyenera kuyenda mofulumira. Tsiku limodzi serebelamu, pokumbukira kuti zizindikiro zake zimaoneka mbali yomweyo imene yawonongeka. Tsiku limodzi bezo gangiliya: jambulani njira yachindunji ndi yozungulira, muike chizindikiro chowonjezera kapena chochotsera pa sinapusi iliyonse, kenako muchotse dopamini muone mmene matenda a Parkinson akutulukira okha. Tsiku limodzi maso, kuyambira pa retina mpaka kumbuyo kwa ubongo, mukudula njirayo malo osiyanasiyana; chotupa cha pituwitale chikapanikiza kayazimu, munthu amasiya kuona za m'mbali mwa maso onse awiri. Tsiku limodzi kotekisi pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi, chifukwa madera a Broca ndi Wernicke amamveka bwino mukawaphunzira ndi mtsempha umene umawadyetsa. Tsiku limodzi minyewa yodzilamulira yokha ndi hayipothalamasi. Tsiku lomaliza ndi la mitu ija yosakwera thirakiti.

Sabata yachinayi musatsegule mutu watsopano. Lembani mapepala awiri munasunga aja, wotchi ili patebulo, mutakhala pa mpando nthawi yonse imene mayeso enieni amatenga. Funso lililonse limene mwalakwa lifunseni kuti mwalakwa chifukwa chiyani. Ngati simunadziwe mfundo, lipangireni khadi. Ngati mwasokoneza kumanja ndi kumanzere, jambulaninso thirakitiyo. Ngati munadziwa koma nthawi inakutherani, vuto ndi kalembedwe, ndipo mankhwala ake ndi kuyamba yankho ndi chojambula chaching'ono cholembedwa mayina m'malo mwa ndime zitatu za mawu oyamba. Ngati mayeso anu ali ndi gawo lozindikira ziwalo pa ubongo weniweni, pitani ku labu sabata imeneyi kawiri. Ubongo wosungidwa m'mankhwala ndi wotuwa wonse, ulibe mizere yofiira ndi yobiriwira ya m'buku, ndipo munthu amene amaidziwa bwino intanolo kapisulo pa chithunzi amatha kuisowa ili pamaso pake. Yambani mwapeza maventiriko, kenako thalamasi ndi kodeti zimene zili m'mphepete mwake, kapisuloyo ionekera yokha pakati pa izo ndi lentifomu.

Tsiku lililonse la masabata atatu oyambawo liyambe chimodzimodzi: mphindi 30, buku lili chitsekere, pepala loyera, mujambule zimene munaphunzira dzulo ndi chinthu chimodzi cha sabata yatha. Kenako tsegulani buku, mukonze ndi cholembera cha mtundu wina. Mapepala amenewa musataye, chifukwa inki yokonzerayo ndi imene ikuonetseni pomwe mumagwa mobwerezabwereza. Mukatero, maola atatu a mutu watsopano, ola limodzi la mafunso a mutu womwewo, ndi makadi madzulo. Kuchezera usiku wonse kumawononga ndondomeko yotereyi, chifukwa zimene mwaphunzira masana zimakhazikika muli m'tulo, ndipo mutu wosagona ndi umene umasokoneza kumanja ndi kumanzere.

Pofika tsiku la 14 dziyeseni ndi zinthu zitatu. Jambulani mathirakiti atatu m'mphindi khumi osayang'ana paliponse. Fotokozerani mnzanu akishoni potenshalo, mukutchula geti limene latseguka ndi limene latseka pa gawo lililonse. Ndipo mnzanuyo akupatseni odwala asanu ongopeka, inu munene msinkhu ndi mbali. Ngati ziwiri mwa zitatuzi zakukanikani, musapite ku sabata yachitatu mmene inalembedwera. Tengani masiku awiri kubwerera pa mathirakiti ndi tsinde la ubongo, ndipo masikuwo muwachotse pa mitu imene mapepala akale aja anakuonetsani kuti imabwera mwa apo ndi apo, imene kawirikawiri imakhala mayina a manyukiliyasi ang'onoang'ono a thalamasi ndi hayipothalamasi kapena tsatanetsatane wa kukula kwa ubongo mwa mwana wosabadwa. Sabata yachinayi yokha musaikhudze.